Dzina la mwana likalakwika pa satifiketi ya mayeso: zoyenera kulembera ahedi

Tsiku limene mwana wa mlongo wanga anabweretsa satifiketi yake ya MSCE pakhomo, tonse tinathamangira kuona magiredi, ndipo palibe anayang'ana pamwamba pamene pali dzina. Mayi ake anaitsekera m'sutikesi pansi pa zitenje, kuopa chinyezi cha chiperoni, poti kuno ku Thyolo pepala losasamalidwa silichedwa kuchita nkhungu. Inakhala m'menemo mpaka tsiku limene mtsikanayu anapita kukafunsira malo kusukulu ya ntchito. Kalaliki wa kumeneko anaika satifiketi pambali pa chiphaso cha unzika, nayendetsa chala pa maina awiriwo, nati, "Achemwali, awatu ndi anthu awiri."

Dzina lenileni la banja lathu sindilitchula. Tingoyerekeza kuti ndi Nang'omba. Pa chiphaso panalembedwa NANG'OMBA, pa satifiketi panali NANGOMBE. Kachizindikiro ka pa ng' kanasowa, ndipo a womaliza anasanduka e. Madzulo ake anandiimbira akulira: "Amalume, ndiye kuti Fomu 4 yonse ija yapita pachabe?"

Sinapite pachabe. Ndinagwirapo ntchito yolembetsa ana mayeso kwa zaka zingapo, ndipo vutoli ndinkaliona pafupifupi chaka chilichonse. Limakonzeka, koma makolo ambiri amataya miyezi chifukwa cholemba kalata yopempha ahedi chinthu chimene ahedi sangathe kuchita.

Ahedi sakonza satifiketi

Satifiketi ya PSLCE, JCE kapena MSCE imachokera ku bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, lomwe likulu lake lili ku Zomba. Sukulu imangolembetsa ana, kuwalembetsa mayeso, kenako kulandira zotsatira ndi masatifiketi n'kugawira eni ake. Mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu yosintha ngakhale chilembo chimodzi pa pepalalo. Atati afufute e ndi kulembapo a, n'kudindapo chidindo cha sukulu, ndiye kuti waiononga, chifukwa satifiketi yokhala ndi pofufuta aliyense amaiyesa yachinyengo. N'chimodzimodzinso kholo lotenga bolopeni yakuda kuti lingowonjezera kachizindikiro kamene kasowa. Musaikhudze. Ndipo ngati simunaimate pulasitiki, idikireni kaye, popeza ingafunike kubwerera kumene inachokera.

Chimene ahedi ali nacho, chomwe inu mulibe, ndi mabuku a sukulu ndi udindo wochitira umboni. Iwo ndi amene angauze a MANEB kuti mwana amene analemba mayeso pa nambala yakuti, pa senta yawo, m'chaka chakuti, ndi yemweyu, ndipo dzina lake limalembedwa motere. Kalata yanu ntchito yake ndi kuwapatsa zonse zofunika kuti umboniwo aupereke mosavutika. Kalata yongoti "chonde mundikonzere dzina la mwana wanga" imakagona m'dirowa, osati chifukwa ahedi ndi ankhanza, koma chifukwa mulibe pogwira.

Yambani mwapeza pamene dzina linakhotera

Musanalembe chilichonse, yalani pa mphasa mapepala onse a mwanayo mwa dongosolo la zaka: buku la kusikelo ngati likadalipo, chiphaso cha kubadwa, kalata ya ubatizo, malipoti a kupulayimale, satifiketi ya Sitandade 8, ya Fomu 2, chiphaso chimene ankalowera nacho m'chipinda cha mayeso, malipoti a kusekondale, ndi chiphaso cha unzika ngati anakwanitsa zaka 16 n'kulembetsa. Werengani dzina chilembo ndi chilembo, mukuloza ndi chala. Diso limawerenga zomwe likudziwa kale, ndiye ngati mwangoyang'ana mwachangu mudzaona Nang'omba ponseponse. Wina asadabwe ngati mwana wake alibe satifiketi ya JCE: mayesowa anaimitsidwa kwa zaka zingapo ndipo anayambiranso mu 2021, choncho amene anadutsa Fomu 2 m'zaka za pakatipo alibe pepalali.

Ife titayala, nkhani inaonekera yokha. Chiphaso cha kubadwa, satifiketi ya Sitandade 8 ndi malipoti onse a Fomu 1 mpaka Fomu 4 zinali ndi dzina lolondola. Koma kachiphaso ka mayeso a Fomu 4, kokhala ndi chithunzi chake, kanali kale ndi NANGOMBE. Apa zinadziwika kuti dzina linakhota pa nthawi yolembetsa mayeso, osati posindikiza satifiketi. Nditamufunsa ngati sanapatsidwe mndandanda wa maina kuti aone ndi kusaina, anavomera. Anati anali pa mzere, anzake akukankha kumbuyo, ndipo iye maso anali pa maphunziro amene anasankha, kuopa kuti angamuikire phunziro limene sanaphunzire. Dzina anangoliona kuti likuyamba ndi N, nasaina. Ana ambiri amatero, ndipo ena akaona cholakwika pa kachiphasoko amakhala chete poopa kuti akayankhula awaletsa kulemba.

Maina a kuno amakhota mosavuta, ndipo malo ake okhotera ndi odziwika. L ndi r amasinthana malinga ndi amene akulemba. H wa mu kh, ph ndi th amagwa kapena kuwonjezeka. Mu- amafupikitsidwa kukhala M-. Ng' amataya kachizindikiro kake. Izi sizinayambe lero: atsamunda ankalemba Mlanje ndi Cholo pamene ife timalemba Mulanje ndi Thyolo, ndipo mpaka pano wina amalemba Lomwe, wina Lhomwe. Agogo amene analembedwa ntchito ku esiteti ya tiyi, dzina lawo linalembedwa monga mmene kalaliki analimvera, ndipo ana awo atatu akhoza kukhala ndi kalembedwe katatu ka dzina limodzi. Chifukwa chake, musanadandaule, gwirizanani pabanja kuti kalembedwe koyenera ndi kati, ndipo kakhale komwe kali pa chiphaso cha kubadwa ndi cha unzika.

Mukapeza kuti mabuku a sukulu ali bwino ndipo cholakwika chili pa mapepala a mayeso okha, monga zinalili kwa ife, nkhani yanu ndi yopepuka. Ikakhala kuti dzina linalakwika kuyambira m'kaundula wa sukulu, tinene kuti amene anamulemba mu Fomu 1 analemba molakwika ndipo malipoti onse anatsatira, ahedi sangachitire umboni kuchokera m'mabuku awo. Pamenepo pitani kaye kupulayimale kumene anaphunzira mukapemphe kalata yodinda yonena mmene dzina lilili m'kaundula wawo, muiphatikize ndi chiphaso cha kubadwa.

Pali ina yomwe imasokoneza anthu kwambiri kuno kwathu kwa chikamwini. Mwana anakulira kwa agogo akuchikazi, analembetsa sukulu ndi dzina la agogowo kapena la amalume ake, mwinanso la bambo omupeza, kenako popanga chiphaso cha unzika anatchula dzina la bambo omubereka. Uku si kulakwika kwa kalembedwe ayi. Awa ndi maina awiri osiyana, ndipo mukalembera ahedi kuti "dzina linalakwika" mukhala mukuwapempha kuti achitire umboni zinthu zimene sizinachitike. Nkhani yotere imafuna lumbiro lolembedwa, lochitidwa pamaso pa majisitireti kapena loya, lonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Komanso nthawi zina mudzapeza kuti satifiketi ndi mapepala onse a sukulu zikugwirizana, chokhota ndi chiphaso cha unzika. Ambiri analembetsa ziphasozi pa kalembera wa dziko lonse wa mu 2017, pa mizere italiitali, ndipo sanawerenge zomwe zinalembedwa. Zikatero musavutitse ahedi. Kokonzetsa ndi ku ofesi ya NRB ya m'boma lanu.

Kalata imene tinalemba

Kalatayi mukhoza kuilemba m'Chichewa ndi dzanja, bola zilembo zioneke. Ahedi ndi amene adzalembe yawo ya Chingerezi yopita ku Zomba. Yathu inali motere, ndangochotsamo maina ndi manambala:

(Keyala yanu ndi nambala ya foni)
(Tsiku)

Mphunzitsi Wamkulu,
(Dzina la sukulu ndi keyala yake)

Wokondedwa Mayi,

PEMPHO LOKONZETSA DZINA PA SATIFIKETI YA MSCE

Ine ndine malume wake wa (dzina lonse la mwana), yemwe anaphunzira pasukulu yanu kuyambira Fomu 1 m'chaka cha (chaka) ndipo analemba mayeso a MSCE pa senta yanu m'chaka cha (chaka). Nambala yake ya mayeso ndi (nambala), ndipo nambala ya satifiketi ndi (nambala).

Pa satifiketiyi dzina la makolo ake lalembedwa kuti NANGOMBE. Kalembedwe koyenera ndi NANG'OMBA. Pasiyana pawiri: pakati pa G ndi O pakusowa kachizindikiro, ndipo chilembo chomaliza chikhale A, osati E. Dzina lake loyamba ndi zina zonse zili bwino.

Dzina lolondolali ndi lomwe lili pa chiphaso chake cha kubadwa, pa satifiketi ya PSLCE, pa chiphaso cha unzika ndi pa malipoti a sukulu yanu. Mafotokope a zonsezi ndawaphatikiza, pamodzi ndi fotokope ya satifiketi yolakwikayo ndi ya chiphaso cholowera mayeso, chomwe chilinso ndi cholakwika chomwechi. Mwanayu akuvomera kuti anasaina mndandanda wa olemba mayeso osaona kuti dzina lalakwika.

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, muone m'kaundula wa sukulu mmene dzinali linalembedwera. Chachiwiri, mulembere a MANEB kutsimikiza kuti mwini satifiketiyi ndi mwana yemweyu ndi kupempha kuti dzina likonzedwe. Chachitatu, pamene tikudikira, mutipatse kalata yodinda yonena kuti NANGOMBE wa pa satifiketi ndi NANG'OMBA wa pa chiphaso ndi munthu mmodzi, popeza akufunsira malo a maphunziro ndipo tsiku lotsekera ndi (tsiku).

Ngati pali ndalama kapena mapepala ena ofunika, ndidziwitseni pa nambala ili pamwambayi.

Ine wanu,
(Saini ndi dzina lanu)
(Saini ndi dzina la mwana)

Chiganizo chilichonse m'kalatayi chili ndi ntchito yake. Nambala ya mayeso ndi chaka ndizo zimapezetsa mwana m'mabuku, dzina lokha silithandiza, makamaka pamene dzinalo ndiye lakhota. Sukulu zina zimakhala ndi ana a m'mawa ndi a sukulu yamadzulo, ndipo ena amalembera pa senta ya sukulu ina, choncho nenani momveka kuti mwana ankaphunzira kuti ndipo analembera kuti. Ngati malowa ndi osiyana, kalata ipite kwa ahedi a sukulu imene inamulembetsa mayeso, poti mndandanda uli kumeneko.

Maina awiriwo alembeni ndi zilembo zazikulu, ndipo fotokozani ndi mawu pamene pasiyana. Zingaoneke ngati kubwereza, koma kumbukirani kuti vuto lonseli linayamba chifukwa wina anawerenga a wolembedwa ndi dzanja ngati e. Kalata yanu idzadutsanso m'manja mwa wina woti aitaipe, ndipo si zachilendo kuti dzina libwere litakonzedwa mbali imodzi n'kukhota mbali ina. Mawu akuti "zina zonse zili bwino" nawonso musawalembe musanatsimikize. Onaninso dzina loyamba ndi china chilichonse cholembedwa pa satifiketiyo, kuti ngati pali zolakwika ziwiri zipite pa ulendo umodzi.

Mlongo wanga sanafune kuti tilembe zoti mwana anasaina osaona. Anati, "Achimwene, mukuwapatsa pothawira amenewa." Ine ndinaumirira. Mndandanda umene anasainawo uli m'faelo ya sukulu, ndipo ahedi adzauona ndithu. Mukabisa, kapena mukayamba ndi kunena kuti aphunzitsi ndi osasamala, mwasandutsa pempho kukhala mlandu, ndipo munthu amene akuimbidwa mlandu amayamba wadziteteza asanathandize. Ndinaonapo kalata ya masamba atatu, tsamba loyamba lonse likunena za ndalama zimene kholo linavutika nazo polipira fizi, nambala ya mayeso osaitchula paliponse. Tsamba limodzi ndi lokwana.

Mwana asainenso. Satifiketi ndi yake, ndipo ambiri omaliza Fomu 4 amakhala atakula. Ngati ali pafupi, ndi bwino kalata ilembedwe m'dzina lake, inu mungomuperekeza. Ngati wolemba si kholo lomubereka, monga ine, nenani ubale wanu poyambirira penipeni, chifukwa dzina lanu ndi la mwanayo mwina silifanana, ndipo ahedi ayenera kudziwa chifukwa chimene inu mukulowererapo.

Tsiku lokapereka

Lembani makope awiri, kapena chitani fotokope pa Luchenza, pa Bvumbwe, pa Chitakale, paliponse pamene pali magetsi tsikulo. Pitani nokha, musatumize mwana wa asisi. Tengani mapepala enieni kuti ahedi awaone ndi maso n'kuyerekeza ndi mafotokope, koma kusukulu musiye mafotokope okha. Pemphani kuti pa kope yanu adinde, alembe tsiku ndi kusaina kuti alandira. Pewani masabata a mayeso ndi sabata yotsegulira sukulu, pamene ofesi imakhala ngati msika wa pa Limbuli.

Ife tinafika m'mawa ana atangolowa m'kalasi. Ahedi anawerenga kalata, naitanitsa kaundula wa chaka chimene mtsikanayu analowa Fomu 1, buku lalikulu lachikuto cholimba lomangidwa ndi selotepi kumsana. Dzina linali momwemo, lolembedwa bwino ndi inki yabuluu, kachizindikiro kali pamalo pake. Kenako anatulutsa pepala limene aphunzitsi analembapo maina a ana a Fomu 4 ndi dzanja asanawataipe. Pamenepo a womaliza anali wotseguka pang'ono, mchira wake wopindikira m'mwamba, moti aliyense wotaipa mothamanga akanamuwerenga e. Anagwedeza mutu nati, "Bambo, apa palibe chokangana." Anachititsa fotokope tsamba la kaundulalo, nadindapo, kuti lipite limodzi ndi kalata yawo.

Satifiketi yeniyeni ikafunika kuti ibwezedwe, musaipereke chimanjamanja. Ichiteni kaye fotokope zingapo ndipo ahedi azidinde kutsimikiza kuti zikufanana ndi yeniyeniyo. Kenako pemphani kakalata kosonyeza kuti sukulu yalandira satifiketi nambala yakuti pa tsiku lakuti. Ndalama iliyonse imene mwauzidwa kuti mulipire, funsani kuti ndi ya chiyani, ikulipiridwa kuti, ndipo mulandire lisiti. Munthu wokumana naye pa depoti wonena kuti ali ndi m'bale wake ku Zomba amene angakutulutsireni satifiketi yatsopano mawa lomwe, mukanireni kutali. Pepala lotere ngakhale lioneke bwino, olemba ntchito akakafufuza ku MANEB sadzalipeza m'mabuku, ndipo womangidwa adzakhala mwana wanu.

Zikakhala kuti zaima

Pakatha masabata awiri kapena atatu, bwererani ndi kope yanu yodinda ija. Musafunse kuti "nkhani ija ili pati?" chifukwa yankho lake ndi lodziwika, lakuti tikudikira. Funsani kuti kalata ya sukulu inatumizidwa tsiku liti, inapita ndi ndani, ndipo mungapatsidwe kope yake. Pamayankho amenewa mudzadziwa pamene pali mfundo. Ngati kalata sinalembedwe n'komwe, mwina pali pepala limene likusowa ndipo palibe anakuimbirani. Ngati inalembedwa koma ikudikira wopita ku Zomba, funsani ngati angakuloleni kuinyamula nokha. Kuchokera ku Thyolo kapena ku Mulanje, kudzera pa Limbe, ndi ulendo wotheka kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo mukalawirira, ndipo ndi bwino mwini satifiketi apite nawo atatenga chiphaso chake.

Nthawi zina mudzapeza kuti ahedi amene ankamudziwa mwanayo anasamutsidwa. Izi zisakudetseni nkhawa, popeza kalata mwalembera udindo, osati munthu, ndipo kaundula amatsala pasukulu. Chovuta ndi pamene sukuluyo inali yoima payokha ndipo inatsekedwa, kapena mabuku anaonongeka ndi mvula, zomwe sizachilendo m'madera amene namondwe Freddy anadutsa mu 2023. Zikatero, kapenanso sukulu ikangokhala chete mwezi ndi mwezi, kwerani pamwamba. Za kupulayimale zimayambira kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu, amene timangoti a PEA, kenako ku ofesi ya maphunziro ya paboma. Za kusekondale, maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu ali pansi pa chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands. Kumeneko kaperekeni kalata yaifupi yonena zomwe munapempha ndi tsiku limene munapempha, mutaphatikiza kope yodinda ija.

Chimene chinatipulumutsa ife pa nthawi yodikira ndi pempho lachitatu lija. Kalata ya ahedi yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi inatuluka tsiku lomwelo. Tinawonjezapo lumbiro la kwa majisitireti, ndipo mtsikanayu anakapereka zonse pamodzi ndi fotokope yodinda ya satifiketi tsiku lotsekera lisanafike. Kalata yotere silowa m'malo mwa satifiketi yokonzedwa, ndipo si malo onse amene angailandire, choncho funsani kumene mukufunsirako ngati aivomera musanawononge ndalama zoyendera. Pa mafomu onse ankalemba dzina lolondola, la pa chiphaso cha unzika, osati kutsatira lolakwikalo kuti zifanane. Ena amachita zimenezo pofuna kufupikitsa njira, ndipo mapeto ake dipuloma, kalata ya ntchito ndi buku la kubanki zonse zimatuluka ndi dzina lokhota, moti pofuna kukonza amakhala ndi mapepala anayi m'malo mwa limodzi.

Uthenga utabwera woti akatenge pepala lake, ndinamuuza kuti asasaine m'buku lolandirira asanawerenge. Anaima pakhomo la ofesi, chala pa pepala, akutchula chilembo chimodzichimodzi mokweza ngati mwana wa Sitandade 1, mpaka anafika pa A womaliza. Mng'ono wake ali Fomu 3 chaka chino. Ndamulembera kale dzina lake lonse ndi zilembo zazikulu pa kapepala, ndipo kali m'kati mwa chikuto cha kope lake la masamu, kudikira tsiku limene mndandanda udzafike m'kalasi.